"Borrow me" kapena "lend me": katunduyo akulowera kuti?

Funso: Aphunzitsi, ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina ku Lilongwe, ndipo mauthenga ambiri timalemberana m'Chingerezi. Sabata yatha ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti "Please borrow me your charger". Mnzathu wina wochokera kunja anayankha kuti "You mean lend?" anthu onse akuona. Tsiku linanso ndinalembera dalaivala kuti "Take the file from Accounts". Iye anakaitenga n'kuisunga m'galimoto, ine ndikudikira pa desiki mpaka masana. Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE, koma pano ndikuchita mantha kulemba. Kodi ndikulakwitsa pati? Ndine mayi wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo. Ndaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zambiri, poyamba ku sekondale, kenako anthu akuluakulu apantchito, ndipo "borrow me" ndamumva kwa makalaliki, anamwino, aphunzitsi anzanga ngakhalenso mabwana a madigiri awiri. Sichizindikiro chakuti Chingerezi chanu n'chosakwanira. Ndi Chichewa chanu chomwe chikugwira ntchito pansi pa Chingerezicho, ndipo mukaona pomwe chikulowera, vutoli limatha msanga.

Tiyambe ndi mneni wathu, kubwereka. Mneni ameneyu amayenda mbali zonse ziwiri. Timati "ndabwereka khasu kwa amalume", timatinso "amalume andibwereka khasu". Khasu ndi lomwelo, lachoka kwa amalume kubwera kwa ine, koma mneni sanasinthe ngakhale mwininkhani wasintha. Ngakhale liwu lakuti "ndibwereke" palokha likhoza kukhala pempho kwa mnzanu kuti akupatseni chinthu, kapena funso lodzifunsa nokha ngati kuli koyenera kukatenga chinthu kwa wina. Chimatithandiza kusiyanitsa ndi kamvekedwe ka mawu komanso nkhani yomwe ili pakamwa. Ndiye mwana wa sukulu akauzidwa ku pulayimale kuti kubwereka ndi *borrow*, amasunga zimenezo, ndipo tsiku lomwe wafuna kunena kuti "ndibwerekeko tchaja", amangoika *borrow* pa "bwereka" ndi *me* pa "ndi". Sitili tokha pa zimenezi. Chizulu chili ndi mneni *boleka* yemwe amayendanso mbali ziwiri, Chiafirikana chili ndi *leen*, Chijeremani chili ndi *leihen*, n'chifukwa chake "borrow me" amamveka kwambiri ku Joni, komanso m'madera ena a ku Amereka komwe kunakhazikika anthu ochokera ku Jeremani ndi maiko oyandikana nawo. Ngakhale ku Mangalande komweko, m'madera ena a kumpoto mumamva munthu akuti "Can I lend your pen?" pofuna kubwereka, komwe ndi kusokoneza komweku koma kotembenuka.

Koma Chingerezi cholembedwa mu ofesi chimagawa ntchitoyi pakati pa aneni awiri, ndipo aliyense ali ndi mwini wake. *Borrow* ndi wa munthu wolandira. *Lend* ndi wa mwini katundu, wopereka.

Njira yomwe ndimaphunzitsira ndi iyi, ndipo ndaona kuti imagwira kuposa kuloweza malamulo. Siyani kaye kubwereka, ganizani za ngongole. Pa nkhani ya ndalama Chichewa chimasiyanitsa bwino lomwe: pali kukongola, pali kukongoza. Palibe mayi wa ku banki mkhonde amene amasokoneza awiriwa. Wopita kukatenga ndalama wakongola, gulu lamukongoza. *Borrow* ndi kukongola, *lend* ndi kukongoza, basi. Tsopano bwererani ku uthenga wanu uja muikemo mawu a ngongole. Mukanafuna ndalama kwa mnzanuyo mukanati "mundikongozeko", simukanati "mundikongoleko". Popeza m'Chichewa mwatuluka kukongoza, m'Chingerezi mukuyenera kutuluka *lend*. Ophunzira anga ambiri amaseka ndikawauza zimenezi, chifukwa amazindikira kuti kusiyanitsaku anali nako kale m'kamwa, kungoti sanakulumikize ndi Chingerezi.

Pempho lanu limodzi lomwelo lili ndi zitseko ziwiri. Mukayamba ndi inu mwini, mumati "Could I borrow your charger?" Mukayamba ndi mnzanuyo, mumati "Could you lend me your charger?" Zonse ndi zolondola ndipo tanthauzo ndi limodzi. Choti muyang'ane ndi liwu lomwe lili patsogolo pa mneni: pa pempho, *I* amayenda ndi *borrow*, *you* amayenda ndi *lend*. Ngati mukufuna chinthu chimodzi chokha choti mugwire mawa m'mawa, sankhani "Could I borrow" ndipo muzigwiritsa ntchito chomwecho kwa mwezi wathunthu mpaka chizolowereke. Ndimakonda chimenechi chifukwa mulibe *me*, ndipo *me* ndiye amakokera dzanja ku cholakwa chija.

Pali chifukwa chomwe *me* sakhalira bwino pambuyo pa *borrow*. Mneni *lend* amatha kunyamula zinthu ziwiri motsatizana, munthu kenako katundu, monga momwe amachitira *give*. *Borrow* amanyamula katundu yekha, ndipo mwini katunduyo amalowa kudzera mwa mperekezi *from*, yemwe ndi "kwa" wathu uja wa "ndabwereka kwa amalume". Choncho mukaika munthu pompo pambuyo pa *borrow*, munthuyo ndiye amasanduka katundu wobwerekedwa. Azungu amachitadi zimenezo mwadala: bwana akaima pakhomo panu n'kunena kuti "Can I borrow you for five minutes?" akutanthauza kuti musiye kaye zomwe mukuchita mukamuthandize. Ndiye khutu la mnzanu uja litamva "borrow me", linamva kaye ngati mukudzipereka nokha kuti akubwerekeni, kenako n'kukumana ndi tchaja chomwe chinalibe pokhala. Anamva zomwe mumafuna, zimenezo musakaike. Koma kukonzera munthu Chingerezi pagulu si khalidwe labwino, ndipo ine sindingamuikire kumbuyo. Akanatha kukulemberani panokha.

Pa tchaja palibe chomwe chimaonongeka kupatula manyazi. Pomwe ndimadandaula kwambiri ndi pa zolembedwa zosungidwa, chifukwa pempho likatha pamatsala mbiri yake, ndipo mbiriyo imalembedwa ndi mneni yemweyo. Ndikuuzeni za mnyamata wina yemwe ndinkamuphunzitsa madzulo, wosunga katundu ku likulu la bungwe lina. Ofesi yawo ya kuboma lina inapempha malaputopu awiri ogwiritsa ntchito pa maphunziro a sabata imodzi. Iye anawapereka, n'kulemba m'buku la katundu kuti "Borrowed district office 2 laptops". M'mutu mwake munali chiganizo chabwinobwino cha Chichewa: tabwereka a kuboma malaputopu awiri. Patapita miyezi inayi kunabwera wofufuza mabuku yemwe sankadziwa nkhaniyi. Atawerenga mzere uja anamva kuti likulu ndilo linatenga malaputopu awiri a ofesi ya kuboma. Powerenga katundu, m'malo moyembekeza kupeza malaputopu 10 pa 12 omwe anali m'kaundula, iye ankayembekeza kupeza 14. Anapeza 10, n'kulemba kuti anayi akusowa. Mnyamata uja anaitanidwa kwa mabwana. Chinamupulumutsa ndi kapepala komwe dalaivala anasainira potenga katunduyo, komanso foni yomwe anaimbira a kuboma omwe anavomera kuti malaputopuwo ali nawo. Akanalemba kuti "Lent 2 laptops to district office", n'kuonjeza tsiku lobweza, sipakanakhala mlandu.

Onani kuti pamenepa palibe amene anafunsa kuti "You mean lend?" Ndiko kuopsa kwake. Cholakwa chomwe chimaonekera, wina amachikonza. Koma chiganizo chonga cha mnyamata uja chimawerengeka bwinobwino, kungoti katundu walowera kolakwika. N'chimodzimodzi ndi uthenga wakuti "I borrowed him K50,000". Wolemba akutanthauza kuti anakongoza, koma wowerenga yemwe Chichewa sachidziwa akhoza kumva kuti wolembayo ndiye ali ndi ngongole. Uthenga wotere ukadzakhala umboni pa mkangano, mudzavutika kuufotokoza. Kumbukiraninso kuti pokamba za kale *lend* amasanduka *lent*, osati *lended*. Anzathu a ku Amereka amakonda kunena *loan* ngati mneni m'malo mwa *lend*, ndiye mukamva "Can you loan me" musadabwe, ndi kukongoza komweko.

Kanthu kena kakang'ono pa kubwereka. Ife timatha kunena kuti "ndibwerekeko mchere" tikudziwa kuti mcherewo subwerera. M'Chingerezi cha ku ofesi *borrow* amalonjeza kubweza. Ngati mukupempha mapepala osindikizira kapena envulopu, zinthu zomwe zikatha zatha, nenani kuti "Could I have". Ndipo ngati ndi chinthu chobweza, tchulani nthawi: "I'll bring it back by 2". Mnzanu amavomera msanga akadziwa kuti tchaja chake achionanso liti.

Tsopano nkhani ya dalaivala. Apa Chichewa chimakuthandizani kwambiri kuposa momwe mukuganizira, bola musayambire pa mneni kutenga. Yambirani pa kubwera ndi kupita. *Bring* ndi "bwera nacho". *Take* ndi "pita nacho". Chinthu chikamalowera komwe kuli wolankhula kapena komwe kuli womvera, ndi *bring*. Chikamachoka kupita kumalo achitatu komwe nonse awiri kulibe, ndi *take*. Muli pa desiki panu, mukufuna fayilo ifike pomwepo: "Please bring me the file". Muli pa desiki pomwepo, mukufuna fayilo ipite kwa owerengera ndalama: "Please take this file to Accounts".

Pomwe anthu amakodwa ndi pamene wolankhula ndiye akusuntha. Bwana ali mu ofesi mwake, wakuimbirani kufuna lipoti. Lipotilo likuchoka kwa inu, ndiye ena amaganiza kuti ndi *take*. Ayi. Mverani Chichewa chanu: mumayankha kuti "ndikubwera nalo", simunena kuti "ndikupita nalo", chifukwa mwadziika pomwe pali bwanayo. Chingerezi chimachita chimodzimodzi: "I'll bring it to your office". Nanga msonkhano wa mawa ku hotela, komwe pakali pano kulibe aliyense wa inu? Zimatengera ngati inu mudzakhaleko. Ngati mudzakhaleko mumati "mudzabwere ndi laputopu", ndiye "Bring your laptop to the meeting". Ngati mukutuma mnzanu yekha mumati "mudzapite ndi laputopu", ndiye "Take your laptop". Pa mfundo imeneyi ziyankhulo ziwirizi zimagwirizana kwambiri moti ndimauza ophunzira kuti akhulupirire Chichewa chawo. Dziwaninso kuti eni Chingerezi sagwirizana okhaokha pa malire a awiriwa. Anthu a ku Ayalandi amagwiritsa ntchito *bring* m'malo ambiri momwe Mngerezi akanati *take*, ndipo Aamereka ambiri amateronso. Choncho mukamva mzungu akusakaniza, musataye lamulo lanu, koma musamukonzenso.

Msampha weniweni ndi kutenga. Kusukulu tinauzidwa kuti kutenga ndi *take*, ndipo nthawi zina ndi zoona. Koma ife sitinena "tenga" yekhayekha tikamatuma munthu. Timati "katenge" kapena "dzatenge". Timawu tiwiri timeneti, ka ndi dza, timanyamula ulendo wonse. "Mukatenge fayilo" akutanthauza kuti nyamukani, pitani, itengeni, ndipo aliyense amadziwa kuti mubwera nayo kuno. "Mudzatenge fayilo" akutanthauza kuti bwerani kuno muitenge. Chingerezi chilibe timawu totere mkati mwa mneni. Inu munali ndi "mukatenge" m'mutu, munamasulira "tenge" yekha, ka uja n'kugwera panjira. Chomwe chinafika kwa dalaivala ndi ulendo wa theka: chotsani fayilo kwa owerengera ndalama. Kokaisiya sikunatchulidwe. Ndipo *take* mwachibadwa amaloza kutali ndi wolankhula, ndiye munthu wa galimoto akamva *take* n'zomveka kuganiza kuti fayiloyo ili ndi ulendo wa kunja, adikire kuuzidwa kopita. Dalaivala wanu sanalakwe kwenikweni.

"Katenge" m'Chingerezi ndi *get*, *collect* kapena *fetch*. Uthenga womwe ukanagwira ntchito ndi uwu: "Could you get the fuel file from Accounts and bring it to my desk before 10?" Muonemo zinthu zinayi: fayilo yake iti, ichoke kuti, ifike kuti, nthawi yanji. Zitatu mwa izo si nkhani ya galamala n'komwe. *Fetch* ndiye amafanana kwambiri ndi "katenge" chifukwa amanyamula kupita ndi kubwera komwe, ndipo ku Joni amamugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku popanda vuto. Koma kwa Angerezi ena amamveka ngati kutuma mwana, ndiye polembera wamkulu kapena munthu yemwe simunazolowerane naye, *get* ndi wofewa. Mukafika inuyo pa ofesi ya ena, "ndabwera kudzatenga cheke" ndi "I've come to collect the cheque". Mukati *take* pamenepo zimamveka ngati mwabwera kudzalanda. Pa chifukwa chomwecho, "Can I take your stapler?" amasiya mwini wake akudzifunsa ngati chidzabwerere.

Ndionjezepo za ulemu, chifukwa ndaona kuti kawirikawiri mnzathu wakunja akaoneka wokwiya, si mneni wamukwiyitsa koma kamangidwe ka pempho. Ife ulemu timauika mkati mwa liwu. "Mundibwerekeko" muli mu- wa ulemu, muli -ko wofewetsa. Tikamasulira, zonsezi zimatayika, timatsala ndi lamulo louma lomwe timalipaka *please* kutsogolo. Koma m'Chingerezi *please* wotsatana ndi mneni wolamula amakhalabe lamulo, loyenera bwana kwa wantchito kapena chikwangwani cha pakhomo. Ntchito ya -ko wathu imagwiridwa ndi funso: "Could you", "Could I", "Would you mind". Samalaninso ndi "mundithandizeko". Mukalemba kuti "Help me with your stapler", Mmalawi mnzanu akupatsani, koma mlendo akhoza kubwera kudzaona ngati chaonongeka, chifukwa kwa iye mwapempha thandizo pa chipangizocho, simunapemphe chipangizocho.

Mwina mukufunsa kuti, ngati ofesi yonse imanena "borrow me" ndipo timamvana, n'kuvutikiranji? Pocheza pa nkhomaliro ndi Amalawi anzanu, ine sindingakuimitseni pakati pa chiganizo. Chingerezi cha kuno chili ndi kakomedwe kake ndipo sindichita nacho manyazi. Ndipo kunena zoona, kwa dalaivala uja uthenga wa Chichewa wakuti "mukanditengereko fayilo ya mafuta" ukanagwira ntchito bwino kuposa Chingerezi chilichonse. Koma zolembedwa zimayenda kutali kuposa mwini wake. Imelo imatumizidwa kwa anthu omwe simunawaganizire, buku la katundu limawerengedwa ndi mlendo patapita chaka. Pamenepo ndi pomwe ndimaumirira.

Musanatumize pempho lililonse lokhudza katundu, imani kamphindi mulinene m'Chichewa chathunthu, kenako mudzifunse mafunso awiri. Kodi apa ndi kukongola kapena kukongoza? Kodi ndi kubwera nacho, kupita nacho, kapena kukatenga? Masabata awiri kapena atatu oyamba zimachedwetsa, kenako dzanja limazolowera. Polankhula zimatenga nthawi yotalikirapo kuposa polemba, chifukwa pakamwa palibe mpata woganiza, ndiye musakhumudwe "borrow me" akadzatulukanso tsiku lina muli pa changu. Ngati muli ndi dikishonale ya ophunzira Chingerezi, musamangowerenga tanthauzo la liwu. Yang'anani kamangidwe komwe amalemba pafupi nalo, monga *lend somebody something* ndi *borrow something from somebody*. Mzere umenewo ndi womwe umakuuzani pomwe munthu amakhala m'chiganizo. Dikishonale ya ziyankhulo ziwiri yokha siyikwanira pa vutoli, chifukwa pa kubwereka ikhoza kukupatsani aneni onse awiri n'kukusiyani pomwe munali.

Pali nthawi zina zomwe sindikufuna kuti mudalire njira yangayi yokha. Ngati mukulemba mgwirizano wa ngongole, kalata yovomera kuti mwalandira katundu wa bungwe, mfundo za msonkhano momwe mwatchulidwa ndalama, kapena yankho kwa ofufuza mabuku, pemphani munthu wina awerenge musanasaine. Musamufunse ngati Chingerezicho chili bwino, chifukwa adzangoti chili bwino. Mufunseni kuti akuuzeni m'Chichewa amene wapereka, amene walandira, ndi amene ayenera kubweza. Akanena zosiyana ndi zomwe mumatanthauza, lembaninso. Pa mapepala a ngongole ya banki kapena ya kuntchito, onetsetsani kuti dzina lanu lili pa mzere woyenera: *borrower* ndi wokongola, *lender* ndi wokongoza. Ngati ndalama zake ndi zambiri ndipo pali mawu omwe simukuwamvetsa, kaonaneni ndi wodziwa malamulo musanaike dzanja.

Ndipo ngati mantha olemba aja apitirira mpaka kuyamba kukulepheretsani ntchito, kambiranani ndi oyang'anira antchito kuti akupezereni maphunziro afupiafupi a kalembedwe ka mu ofesi, kapena pezani mnzanu mmodzi wodalirika woti aziona mauthenga anu ofunika kwa mwezi umodzi. Mnzanu wa "You mean lend?" uja akhoza kukhala munthu woyenera. Mulembereni panokha, mumuthokoze, mumuuze kuti akaona china azikuuzani kumbali osati pagulu. Mukatero, mupempheninso tchaja chija, ulendo uno ndi "Could I borrow".